Popi ndi mwana wake ayamba kulumana: kuleretsa kwake ndi kupewa ndewu ina

"Ndili ndi agalu awiri aakazi, Popi wa zaka 6 ndi mwana wake Shila wa chaka chimodzi ndi miyezi 8. Akhala bwinobwino nthawi yonseyi, koma mwezi uno alumana kawiri, koyamba pa chakudya, kachiwiri pageti ine ndikufika kuchokera kuntchito. Kachiwiriko Popi anang'ambika khutu, ndipo mnyamata wa pakhomo pano analumidwa dzanja pomugwira Shila pakhosi. Aneba akuti ndiwasiye amenyane mpaka adziwane wamkulu. Ndichite bwanji?"

Mayi, tiyambe ndi dzanja la mnyamatayo. Ngati sanapite kuchipatala, apite lero, ndipo mutenge makadi a katemera wa chiwewe a agalu onse awiri mukaonetse. Bala la galu timalitsuka nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, koma kutsukako sikulowa m'malo mwa chipatala, makamaka likakhala pa dzanja pomwe mitsempha ndi mfundo zili pafupi ndi khungu.

Za anebawo, musawamvere. Agalu aamuna nthawi zambiri amachita phokoso lalikulu, fumbi koboo, koma mukawayang'ana pambuyo pake mumangopeza malovu ndi tozikanda. Aakazi awiri a nyumba imodzi akadana zimakhala zina: samachita phokoso kwambiri, amaluma mozama, ndipo sachedwa kubwereza. Ndewu iliyonse imene mwailola imaphunzitsa aliyense wa iwo kuti mnzakeyo ndi woopsa, choncho yotsatira imayamba msanga ndiponso pa chifukwa chaching'ono kuposa yoyamba. Magazi atatuluka kale chonchi, nkhani yoti adziwana okha yatha.

Shila sanamulume mnyamatayo chifukwa chomuda. Galu amene ali pakati pa ndewu akamva chinthu chikumukhudza pakhosi amatembenuka n'kuluma asanaone kuti ndi ndani. N'chifukwa chake lamulo loyamba poleretsa n'lakuti manja ndi nkhope zanu zisafike kumutu kwa galu, ngakhale ndi galu amene munamulera kuyambira ali kamwana. Lamba wa m'khosi musamugwire. Kukalipa ndi kuwakwapula ndi ndodo nakonso kumangowonjezera moto, chifukwa galu akamva ululu amauika pa mnzake amene walimbana nayeyo.

Ndewu ikangoyamba, asanagwirane zolimba, yesani njira zosafuna kuti muwayandikire kwambiri. Akhuthulireni ndowa yamadzi kumaso, kapena menyani chitini mwamphamvu. Ngati pali thabwa lalikulu, chitseko chakale kapena mpando wapulasitiki, lowetsani pakati pawo n'kukankhira mmodzi kuseri kwa chitseko. Bulangete lolemera likaponyedwa pamitu pawo nthawi zina limawasokoneza mokwanira kuti asiyane. Zinthu zimenezi zizikhala pamalo odziwika kuyambira lero, chifukwa ndewu siyembekezera kuti mukatunge madzi.

Zikakanika, pafunika anthu awiri aakulu. Aliyense apite kumbuyo kwa galu mmodzi, amugwire miyendo yakumbuyo m'mwamba, pa ntchafu pafupi ndi thupi, osati kumapazi komwe mungamuthyole, n'kuinyamula ngati akukankha wilibala. Onse awiri anyamule nthawi imodzi. Mukanyamula mmodzi yekha ndiye kuti mwamugwirira mnzake kuti amulume bwino. Akasiyana, bwererani chammbuyo mukuzungulira pang'onopang'ono. Galuyo amatanganidwa ndi kupondetsa miyendo yakutsogolo kuti asagwe chamutu, ndiye sapeza mpata wokhotera kwa inu. Musamusiye mpaka pakati pa iye ndi mnzake pakhale chitseko chotseka. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: akaona kuti asiyana amataya miyendo, ndewu n'kuyambiranso pomwepo.

Pali nthawi imene mmodzi waluma n'kukanirira, osasiya. Apo musakoke. Kukoka galu amene mano ake ali m'thupi la mnzake kumasandutsa mabowo ang'onoang'ono kukhala bala long'ambika, ndipo makutu ambiri amang'ambika chonchi. Nyamulani miyendo koma mukhale pomwepo, wina athire madzi ambiri kumphuno ndi kukamwa kwa wolumayo, ndipo mubwerere chammbuyo pokhapokha atatsegula kukamwa kuti apume kapena kuti agwire pena. Mukakhala nokha, koletsani chingwe m'chiuno mwa amene akuluma kwambiriyo, mumangirire ku mzati kapena ku geti, kenako mupite kumbuyo kwa winayo. Ana asayandikire n'komwe.

Khutu la Popi mwaliona chifukwa khutu limatulutsa magazi ambiri. Choopsa chimakhala chimene sichioneka. Dzino la galu limasiya kabowo kakang'ono pakhungu, koma akaluma n'kugwedeza mutu, khungu limalekana ndi mnofu mkati, ndipo patapita masiku awiri kapena atatu pamatupa, pamatentha, n'kuyamba mafinya. Papasani agalu onse awiri pakhosi, pachifuwa, m'khwapa ndi m'miyendo, mukutsegula ubweya. Mukapeza bowo lililonse, kapena galu akutsimphina, akupuma movutika kapena akukana chakudya, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Muli komweko mupemphe kuti amuyeze Popi mano, msana ndi mfundo za miyendo. Galu amene akumva ululu penapake sapirira mnzake akamugunda, ndipo ndewu zina zimachokera pamenepo.

Tsopano chifukwa chake zayamba panopa. Galu amakula thupi msanga, koma kukhwima m'makhalidwe kumabwera pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu. Shila ali pamsinkhu umenewo. Kale Popi akamuyang'ana mwaukali, Shila ankapatuka, lero sakupatukanso. Zakuti uyu ndi mayi wake sizimulepheretsa kanthu. Akatswiri a pa yunivesite ya Tufts ku Amereka anafalitsa mu 2011 kafukufuku wa makomo 38 a agalu olumana, ndipo anapeza kuti ambiri anali aamuna okhaokha kapena aakazi okhaokha, komanso kuti woyambitsa nthawi zambiri anali wamng'onoyo kapena wobwera kumene. Onaninso ngati mmodzi wa iwo ali pa nyengo yofuna amuna kapena wangoimaliza kumene, chifukwa aakazi amakwiya msanga pa nthawi imeneyo. Kuwachotsa chiberekero kumathetsa kusinthasintha kwa nyengoko, ndipo n'koyenera kukambirana ndi dokotala, koma musayembekezere kuti opaleshoni yokha iwayanjanitsa.

Chondipatsa chiyembekezo m'kalata yanu n'chakuti ndewu ziwirizi zili ndi malo ake. Sakulumana paliponse. Akulumana pomwe pali chinthu chimene onse akuchifuna, pamalo opanikizika, mitima ili m'mwamba. Zimenezo mukhoza kuzisintha.

Ya chakudya ndi yosavuta. Asadyerenso pamodzi, osati mwezi uno wokha, koma mpaka kalekale. Wina adyere m'khola kapena m'chipinda chotseka, wina panja, ndipo mbale zichotsedwe asanakumane, chifukwa mbale yopanda kanthu imayambitsa ndewu chimodzimodzi. Mafupa aziperekedwa aliyense ali kwayekha. Auzeni onse a pakhomo, makamaka otsuka mbale, kuti mkute wa nsima ndi makoko a m'poto asamangoponya pabwalo. Kanyenyeswa kamodzi kogwera pakati pa agalu awiriwa n'kokwanira.

Ya pageti ndiyo yofunika kuiganizira, chifukwa chimene akulimbirana pamenepo ndinuyo. Taonani mmene zimakhalira: amva galimoto kapena mapazi anu, onse athamangira pa kampata kamodzi, akudumpha, akugundana mapewa, inu mwaweramira mmodzi, winayo walowa pakati. Konzani kuti ikamakwana nthawi yofika inu, mmodzi akhale atatsekeredwa kale. Lowani mwakachetechete osawaitana, ikani katundu, dikirani mphindi zisanu kapena khumi mpaka amene ali panjayo atakhazikika, mumupatse moni, kenako musinthe. Chimodzimodzi pakabwera alendo.

Koma zonsezi zisanayambe, asiyanitseni kotheratu kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mpaka mabala atapola. Galu akamenyana thupi lake silikhazikika tsiku lomwelo, ndipo kuwakumanitsa m'mawa mwake kuti "akhululukirane" ndi kumene kumabweretsa ndewu yachitatu. Azisinthana: wina pabwalo, wina m'khola. Kuwamangirira pa tcheni moyang'anizana si kuwasiyanitsa, amangokhalira kudzumirana tsiku lonse. Pa masiku amenewa phunzitsani aliyense payekha kubwera mukamuitana ndi kupita kukagona pa thumba lake mukamuuza, pomupatsa kachidutswa ka nyama kapena kausipa akachita bwino. Muzolowezeninso Shila chotsekera pakamwa chija chonga kadengu, chimene galu amatha kupuma ndi kumwa madzi atavala. Ikani chakudya mkati mwake kuti azilowetsa yekha mphuno, masiku angapo musanayambe kumanga lamba wake.

Kukumana koyamba kuchitikire kunja kwa mpanda. Anthu awiri, aliyense ndi galu wake pachingwe, ayende mbali imodzi, wina tsidya ili la msewu wina tsidya linalo. Agalu akamayenda matupi ali omasuka, akununkhiza pansi, osayang'anitsitsana, mawa lake muchepetse mtunda pang'ono. Mmodzi akauma thupi, mwafulumira. Bwererani pa mtunda wa dzulo. Zikayenda bwino kwa masiku angapo, lowani nawo pabwalo limodzi kwa mphindi zochepa, zingwe zikukwekwereka pansi kuti mukhale ndi pogwira patali ndi mano, popanda chakudya, popanda wowasisita.

Apa ndi pamene muyenera kuphunzira kuona ndewu isanafike. Anthu amati "anangoyamba mwadzidzidzi", koma kawirikawiri pamakhala masekondi angapo a chenjezo. Galu amasiya kupuma ndi lilime panja, n'kutseka pakamwa. Thupi limauma gwa, mchira uli m'mwamba osagwedezeka kapena ukunjenjemera kunsonga kokha. Amamuyang'anitsitsa mnzake osaphethira, kapena amaika chibwano pamapewa pake, kapena amaima pakhomo kumutsekereza njira. Mukaona chimodzi mwa izi, itanani mmodzi ndi mawu osangalala mukuyenda kuchoka pamalopo, n'kumutumiza pa thumba lake. Ndipo galu akadzuma musamumenye. Kudzumako ndi chenjezo. Mukamuletsa, tsiku lina adzaluma osachenjeza.

Ngakhale zitayenda bwino chotani, Popi ndi Shila asamatsale okha pamodzi inu mutachoka, ndiponso usiku. Ngati mukufuna wolondera pabwalo, azisinthana usiku.

Ndikuuzeninso mosabisa kuti aakazi ena sagwirizananso. Mukaona kuti patatha miyezi iwiri kapena itatu mukuchita zonsezi Shila akumusakabe Popi popanda chakudya kapena inu pafupi, kapena Popi wayamba kubisala, kuonda ndi kuopa kutuluka, kapena pachitikanso ndewu yofuna kusoka, mwatsala ndi njira ziwiri: kuwalekanitsa moyo wawo wonse ndi mpanda wodalirika, kapena kumupezera mmodzi khomo lina. Pakhomo pokhala ana aang'ono amene angaiwale kutseka chitseko, ine ndingasankhe yachiwiriyo. Wosavuta kumupezera malo ndi Shila poti ndi wamng'ono, ndipo apite komwe kulibe galu wina wamkazi, omulandirawo mutawauza zonse zimene zachitika.