Kodi Kasiyamaliro "amavalidwa"? Nanga dzinali likunena chiyani?

*"Ndine mphunzitsi ku Chilomoni. Mwana wina analemba m'chimangirizo kuti 'munthu wovala Kasiyamaliro anavina pa chinamwali', ine ndinachonga. Agogo ake ataona kopelo anakwiya, akuti mawuwo ndi olakwa. Chalakwika n'chiyani? Komanso maina ngati Kasiyamaliro, Chadzunda ndi Maliya amatanthauzanji?"*

Aphunzitsi, pa malamulo a chiyankhulo chiganizo cha mwanayo chilibe banga. Agogowo sanakwiyire kalembedwe. Anakwiyira mawu awiri, "munthu" ndi "wovala", chifukwa kwa eni mwambo pabwalo sipafika munthu. Pamafika chilombo, ndipo chilombocho ndi mzimu wa makolo umene wabwera kudzaona ana ake. N'chifukwa chake kumudzi simudzamva wina akuti wakuti wavala nyau. Amati gule watuluka, zilombo zafika, kapena akulu apita kukawedza gule, ngati kuti ndi nsomba yochokera pansi pa dziwe. Aneni amenewa anasankhidwa dala kuti akwirire chimene osameta sayenera kuchitchula. Mwanayo akanalemba kuti "Kasiyamaliro anatuluka pa chinamwali", agogo akanangogwedeza mutu.

Kuno ku Blantyre ambiri timaona gule masana, pamsonkhano kapena pachikondwerero, atatsika m'galimoto, ndiye n'zosadabwitsa kuti ana amamuyesa sewero la zovala. Ine sindingamuchotsere malikisi mwanayo. Ndingomuuza kuti mawu oti "chigoba" ndi oyenera pofotokoza chosema chopachikidwa pakhoma, monga zija zosungidwa ku Chamare, pa Mishoni ya Mua ku Dedza. Chikakhala pabwalo, ng'oma ya mbalule ikulira, chimenecho ndi chilombo basi.

Tsopano dzina lija. Liduleni patatu: ka, siya, maliro. Anthu ambiri akamva ka amaganiza za kuchepa, ngati kamwana kapena kanyumba, n'kumadabwa kuti chinthu chachitali kuposa munthu wamkulu chingatchedwe bwanji ndi mawu ochepsa. Koma ka ameneyu ndi wina. Ndi uja timamuika patsogolo pa mneni kuti tipange dzina la wochita chinthucho: kadyansonga amadya nsonga za mitengo, kafadala amadzifetsa dala mukamukhudza, kadziotche amadziponya yekha pamoto. Umboni wake uli pa mgwirizano wa mawu. Timati kamwana kafika, koma timati Kasiyamaliro wafika, monga mmene timanenera kuti kalulu wathawa. Mwana akalemba kuti "Kasiyamaliro kanavina", pamenepo ndiye cholembera chofiira chigwire ntchito.

Chovuta kwambiri ndi "siya". M'tauni muno kusiya kumamveka ngati kutaya kapena kunyanyala, moti ndinamvapo wachinyamata wina akumasulira kuti ndi chilombo chothawa maliro. Ayi. Ganizani za mayi amene akuti "ndikukasiya mwana kusukulu". Samutaya, amamuperekeza mpaka pakhomo n'kubwerera. Kasiyamaliro amaperekeza womwalirayo kuti akafike kwa makolo, n'kumusiya kumeneko kuti mzimu wake usamazungulire m'mudzi.

Nanga woperekeza maliro afunanji pa chinamwali? Yang'anani mmene alili. Iyeyu si chigoba cha kumaso. Ndi chilombo cholukidwa thupi lonse, kawirikawiri ndi makoko a chimanga, chokhala ndi nyanga ndi mchira ngati nyama ya m'tchire ya mtundu wa ntchefu, msana wake wolowa pakati, m'munsi motakasuka mpaka kukhudza dothi. Akuluakulu amamutcha mayi wa mtundu, ndipo thupi lotakasukalo ndi mimba. Pamenepa dzina ndi thupi zimakumana. Namwali amalowa m'mwambo ali mwana, ubwanawo umafa, ndipo amatuluka ali wamkulu. Mayi yemwe amalandira akufa ndi yemweyo amabala akulu atsopano. Zambiri za kudambwe ndizisiyira eni mzinda, si za pepala lino.

Chadzunda ndiye bambo. Mgwirizano wake ndi womwewo: Chadzunda walowa, osati chalowa, ngakhale dzinali likuyamba ndi cha. Nkhope yake ndi ya nkhalamba, yamakwinya, yakuda, mano ochepa, ndevu ndi tsitsi zaimvi. Amalowa m'bwalo akutsimphina, akukoka mwendo, ngati munthu woti agwa pompano. Amaimira mfumu ndi kholo lachimuna la mudzi, ndipo zilombo zina zimawerengedwa ngati ana ake. Koma dikirani Maliya alowe. Nkhalamba ija imawongoka, mwendo umachira, fumbi n'kuti kobo! Anamwali amene akuonerera amakhala atamva kale kwa anamkungwi zimene kusinthako kukunena za banja ndi kubala, ndipo amayi oimba amaseka chifukwa akudziwa.

Maliya ndi amene amasokoneza anthu opemphera. Dzinali ndi lobwereka, lochokera kwa amishoni, ndipo linalowa m'gule nthawi imene mipingo ndi nyau zinkalimbirana anthu. Ansembe a Katolika anafika ku Mua mu 1902, pakati penipeni pa dziko la gule, ndipo mkangano wawo ndi eni madambwe unatenga zaka zambiri. A nyau anatenga dzina lolemekezeka la kutchalitchi n'kulipatsa chilombo chachikazi cha nkhope yosalala, mphini m'masaya, duku kumutu, chitenje m'chiuno, chovina mofatsa ndi mwaulemu. Anamusandutsa mkazi wa Chadzunda, chitsanzo cha mkazi wolangidwa bwino amene namwali ayenera kutengera. Mnzake wobwereka dzina ndi Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, amene amaonetsa mlendo wosadziwa mwambo. Choncho mwana akalemba za Maliya wa pabwalo, musamuuze kuti wanyoza chipembedzo, ndipo musamuuze kuti ndi mayi wa m'Baibulo. Ndi dzina limodzi, eni ake awiri. Za kalembedwe, mudzaona ena akulemba Mariya, komanso ena akulemba chirombo potsata chizolowezi cholemba r pambuyo pa i kapena e. Mawu oti maliro amaonetsa bwino chizolowezichi: l akutsata a, r akutsata i. Mwana asankhe kumodzi n'kukhala komweko m'chimangirizo chonse.

Pali zilombo zina zimene ana anu angazitchule. Kapoli wa nthenga kumutu ndiye amaimba ndi mawu ang'onoang'ono osakhala a munthu, ndipo akachuluka timati akapoli. Kang'wingwi wodzola matope amathamanga m'mudzi kuopseza ndi kulengeza kuti kwagwa zinthu. Makanja ndi wamtali uja woyenda pamitengo. Koma chenjerani ndi ndandanda zonena kuti chilombo chakuti chimaimira chakuti basi. Gule wa Achewa a ku Dedza, Lilongwe kapena Kasungu ndi wa Amang'anja a kuno kummwera amasiyana maina ena, nyimbo ndi kamasulidwe, ndipo ngakhale mizinda iwiri yoyandikana imatha kupatsa chilombo chimodzi nyimbo zosiyana. Tanthauzo lenileni limakhala m'nyimbo imene amayi akuyankha pamene chilombocho chikuvina. Mwana wanu akafuna kulemba za Chadzunda wa kwawo, abwerere kwa agogo aja akawafunse kuti akalowa m'bwalo amamuimbira nyimbo yanji, ndipo aifunse mwaulemu, osatchulanso za kuvala.