Mpata wapakati pa ndege ziwiri muziuwerengera chobwerera m'mbuyo

"Akuluakulu, ndangoyamba kumene geni yokaoda katundu kunja. Ndapeza matikiti awiri otsika mtengo a makampani osiyana: ndege yoyamba ikutera 1 koloko masana, yachiwiri ikunyamuka 3 koloko. Maola awiriwa akwana? Nanga ndikamalumikiza mabasi ndizisiya nthawi yochuluka bwanji?"

Achemwali, sakwana. Ngakhale ndege yoyambayo itatera pa nthawi yake yeniyeni, yachiwiriyo ikusiyani.

Vuto lili pa nthawi imene mukuyang'ana. Inu maso ali pa 3 koloko, koma nthawi yanu yeniyeni ndi imene kauntala yolandirira katundu imatsekedwa. Pa ndege zopita dziko lina, makampani ambiri amatseka kutatsala mphindi 60 kuti ndege inyamuke, ndiye kuti inu muyenera kukhala mutapereka zikwama pofika 2 koloko. Maola awiri aja asanduka ola limodzi.

Tsono tiyeni tione zimene ola limenelo liyenera kunyamula. Ndege ikatera simutsika pompo, imayenda kaye mpaka poimikira, zitseko n'kutsegulidwa, anthu n'kumatuluka mmodzimmodzi. Ikani mphindi 20. Popeza matikiti anu ndi osiyana, nthawi zambiri katundu sapitirira yekha ku ndege yachiwiri, muyenera kukamutenga nokha, ndipo kuti mukamufike mudutsa kaye kodinditsa pasipoti. Pamenepo ikani mphindi 40, chifukwa ndege zikatera zingapo nthawi imodzi mzere umatalika. Kudikira zikwama palamba, mphindi 20. Kukankha ngolo mpaka kukauntala ya kampani inayo, mphindi 15, kapena kuposa ngati ili m'nyumba ina. Mukaphatikiza zikukwana mphindi 95, ndipo mufika 2:35, kauntala itatsekedwa kalekale. Apatu sitinawerengere kuchedwa kwa ndege ngakhale kwa mphindi imodzi.

Ife ageni tili ndi chinanso chimene apaulendo ena alibe: katundu wolemera. Chikwama chikapitirira pasikelo amakutumizani pawindo lina kukalipira, n'kubwereranso ndi lisiti, mwina n'kumasula zikwama kuti musamutse zina. Onjezani mphindi 30. Onjezaninso ola limodzi kapena ndi theka loti ndege yoyamba ingachedwe nalo. Mukatero muona kuti pa matikiti osiyana mpata usachepere maola 4, ndipo pobwerera ndi katundu ndi bwino ufike 5. Funsaninso msanga ngati dziko losinthiralo limafuna viza, chifukwa mukadutsa kodinditsa pasipoti ndiye kuti mwalowa m'dzikolo.

Tikiti imodzi yolumikiza ulendo wonse ndi nkhani ina. Kampani sigulitsa tikiti yotero ngati mpata wake uli wochepera nthawi imene inaikidwa pabwalo limenelo, katundu amamuika chizindikiro cha komwe mukukathera, ndipo ndege yoyamba ikachedwa amakukwezani ina popanda kugulanso tikiti. Pa matikiti osiyana, kampani yachiwiri imangolemba kuti simunabwere. Choopsa n'chakuti ngati tikitiyo ndi yopita ndi kubwerera, kawirikawiri amafufutiratu ndi ulendo wobwererawo. Komabe ngakhale pa tikiti imodzi, ine ndingasankhe maola awiri m'malo mwa ola limodzi. Munthu amathamanga n'kukwera, koma chikwama chimatsala n'kubwera mawa, pamene okugulani akudikira.

Kumabasi, nthawi yofika imene yalembedwa patikiti muziitenga ngati chiyembekezo chabe, makamaka basi ikamadutsa paboda. Basi sinyamuka mpaka aliyense atadinditsa, ndipo akasitomu akalamula kuti katundu yense atsitsidwe, munthu mmodzi amene mapepala ake sanalongosoke amaimitsa anthu onse. Choncho musafunse kuofesi kuti basi imafika nthawi yanji. Funsani kondakitala kapena onyamula katundu padepoti kuti sabata ino yakhala ikufika nthawi yanji, ndipo tsiku lomwe inachedwetsetsa inafika liti. Muwerengere kuchokera pa tsiku loipalo, kenako muwonjezere nthawi yotsitsa katundu, yosamukira kudepoti ina, ndi mphindi 30 mpaka ola lathunthu zokwezera katundu basi yachiwiri isananyamuke. Basi yachiwiriyo isakhale yomaliza ya tsikulo, kuti ikakusiyani pakhale ina yoti mukwere. Onetsetsaninso ngati boda ya kutsogoloyo imatseka usiku.

Koma basi yodutsa boda yopita nanu kukakwera ndege, imeneyo musaiwerengere maola. Fikani dzulo lake, mugone.

Chomaliza choti muone musanalipire: nthawi zolembedwa patikiti ya ndege ndi za komwe ndegeyo ikunyamukira ndi komwe ikutera, osati za kwanu. Foni ikapanda kusintha yokha mutawoloka malire, ingakunamizeni ndi ola lathunthu, choncho mukangotsika yang'anani wotchi ya pabwalopo n'kukonza yanu.