Chifukwa chiyani timati kuphikitsira, osati kuphikiritsa?

"Ndimakhala ku Mangalande ndipo mwana wanga wa zaka 12 ndikumuphunzitsa Chichewa pakhomo. Dzana anati 'ndamuphikiritsa', ine ndikumukonza kuti 'ndamuphikitsira'. Atandifunsa chifukwa chake ndinasowa chonena. Kodi pali lamulo, kapena n'chizolowezi chabe?"

Amayi, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri, chifukwa inandibwezera m'kalasi ina ya Fomu 2 komwe ndinkaphunzitsa ndili mnyamata. Tsiku limenelo ndinadzaza bolodi ndi misintho ya aneni monga momwe ifenso anatiphunzitsira: wochititsa, lima, limitsa, wochitira, lima, limira, wochitirana, konda, kondana, wochitidwa, lima, limidwa. Uliwonse pamzere wakewake. Mtsikana wina wokhala kumbuyo cha pazenera, amene sankayankhulayankhula, anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, nanga mawu oti kulimitsiridwa ali mu msintho uti?" Ndinamuyankha kuti pamayeso sadzafunsa zimenezo. Anatsitsa dzanja, ndipo chaka chonsecho sanafunsenso kanthu. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mwana uja anali ataona chimene ine ndinali ndisanachione: kuti mneni mmodzi amasenza misintho iwiri, itatu, nthawi imodzi.

Madzulo ake ndinakhala pakhonde ndi kope, n'kuyamba kuwasasula mawu aja. Pakati pali lim-. Kenako -its-, kusonyeza kuti pali wina wochititsa. Kenako -ir-, kusonyeza kuti pali wina amene akuchitiridwa. Kenako -idw-, amene amatenga wochitiridwayo n'kumuika patsogolo pa chiganizo. Aganyu analima munda. Ine ndinalimitsa munda kwa aganyu. Ndinalimitsira amayi anga munda. Amayi anga analimitsiridwa munda. Kachidutswa kalikonse kamasintha chiwerengero cha anthu m'nkhaniyo: -its- ndi -ir- amalowetsa munthu, pamene -idw- amabisa amene wagwira ntchito. Ndinayesa kuzisinthanitsa malo. Limiritsa, limidwitsira, limiridwitsa. Lilime linkakana zonsezo.

Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti nkhaniyi inafufuzidwa kale. Mu 1992 akatswiri a ziyankhulo Larry Hyman ndi Sam Mchombo, Mmalawi amene waphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya ku Berkeley ku America, analemba za ndondomeko ya zidutswazi m'Chichewa, ndipo mu 2003 Hyman anasonyeza kuti ziyankhulo zambiri za Chibantu zimakonda mndandanda umodzi: wochititsa poyamba, wochitira pambuyo pake, kenako wochitirana, wochitidwa kumapeto. M'Chichewa ndiye -its-, -ir-, -an-, -idw-. Mswahili akamati pikia, pikisha, pikiwa, kapena Mzulu akamaika -is- patsogolo pa -el-, akuyenda m'kanjira komweko.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ndondomekoyi imaposa ngakhale tanthauzo mphamvu. Tiyeni tibwerere kumunda. Kapitawo anatilimitsira chikwapu: apa chikwapu chili m'manja mwa kapitawo, ndi chida chochititsira. Kapitawo anatilimitsira makasu obuntha: apa makasu ali m'manja mwathu, ndi chida cholimira. M'chiganizo chachiwirichi, mukatsata nzeru yokha, kulimira makasu ndiko kumayamba, kuchititsa n'kubwera pambuyo, choncho tikanayembekezera limiritsa. Koma ayi, konsekonse timati limitsira. Ndikudziwa kuti ambiri masiku ano angonena kuti "anatilimitsa ndi makasu obuntha", koma akafuna kuzimanga m'mneni mmodzi, -its- ndiye amatsogola. Mwana wanu sanaganize molakwika. Anatsata tanthauzo, pamene chiyankhulo chimatsata mndandanda wake.

Apa pokha ndiyankhule mosabisa. Kaphunzitsidwe kongoloweza mayina a misintho, uliwonse pawokha, kamatilanda chinthu chenicheni. Mwana amakhoza mayeso atalemba kuti "phikidwa ndi wochitidwa", koma sanafunsidwepo chifukwa chimene "ana anaphikiridwa nsima" zimamveka bwino pamene "nsima inaphikiridwa ana" zimakhumudwitsa khutu. Chonsecho pamenepo ndi pamene Chichewa chimasiyana ndi abale ake: m'Chinyarwanda ndi m'Chichaga cha ku Tanzania, onse awiri, wolandira ndi cholandiridwa, angathe kutsogola. Kwathu kuno wolandira yekha ndiye amatsogola. Ndiye ndikamva munthu wophunzira akunena kuti Chichewa chilibe malamulo, amangoyankhula mmene wafunira, mtima umandipweteka. Agogo anga sanapondeko pasukulu, koma sindinawamvepo akuphonya ndondomeko imeneyi ngakhale kamodzi, kaya pamaliro, kaya akukalipira mbuzi.

Pamene mndandanda umapindika

Sikuti ndi wachitsulo. Pali malo amene tanthauzo limapambana. Taonani -an- ndi -its-. Anyamata anamenyetsana kwa aphunzitsi: aliyense anachititsa kuti mnzake amenyedwe. Mfiti ija inamenyanitsa anyamata: inachititsa kuti iwo amenyane. Apa kusinthanitsa zidutswa kukuloledwa, ndipo kukusintha nkhani yonse. N'chimodzimodzi -ir- ndi -idw-. Agogo anamangiridwa nyumba, ndiye kuti alandira nyumba. Koma mnyamata uja anamangidwira kuba, ndiye kuti kuba ndicho chifukwa chomumangira. Mukafunsa kuti "anamangidwira chiyani?" mukufuna mlandu, osati mphatso.

Chokoma kwambiri kwa ine ndi chimene chimachitika -an- akatsogolera -ir-. Anthu amakangana. Akamakangana chifukwa cha malo, pakamwa pamatuluka kukanganirana malo, -an- wabwera kawiri. Woyamba ndi wa tanthauzo, wachiwiri wangobwera kudzakhala pamalo pake pambuyo pa -ir-, ngati kuti chiyankhulo chafuna kukondweretsa mbali zonse ziwiri. Mawu amenewa timawamva kubwalo la mfumu mlungu uliwonse, osadziwa kuti muli luso lotere.

Chenjezo limodzi, chifukwa mwana wochenjera ngati wanuyo adzakutulutsirani gwiritsa, seweretsa, n'kunena kuti nayi -ir- patsogolo pa -its-. Muyeso wake ndi wapafupi: chotsani -ir- muone ngati patsala mneni wa tanthauzo lomwelo. Phikira ukachotsa patsala phika. Koma gwira, sewera ukachotsa patsala gwa, sewa, zomwe sizikugwirizana ndi kugwira kapena kusewera. Choncho -ir- ameneyo ndi wa mneniyo, si msintho. N'chifukwa chake tingathe kuwonjezera wina n'kunena kuti gwiritsira.

Tsono chochita pakhomo ndi ichi, amayi. Dulani timapepala tinayi, mulembepo -its-, -ir-, -an-, -idw-, kuseri kwake -ets-, -er-, -an-, -edw-. Muuzeni kuti mneni wokhala ndi e kapena o, monga lemba ndi konza, amatenga za kuserizo: lembetsera, konzetseredwa, wokhala ndi a, i kapena u amatenga za kumaso. Yambani ndi tiwiri, phikitsira, mangirana, ndipo nthawi zonse azinena chiganizo chathunthu chosonyeza wachita ndani, wachitira yani. Za menyanitsa ndi mangidwira muzisunge kufikira adzazimve yekha pakamwa panu n'kufunsanso.