Ndigule Kamodzi Kapena Ndizilipira Mwezi ndi Mwezi?

"Akuluakulu, ndayamba kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Pulogalamu yokonzera zithunzi ndigule ya layisensi yogula kamodzi, kapena ndizilipira Lightroom mwezi ndi mwezi? Kusiyana kwake n'kotani pa maapudeti ndi kilaudi?"

Achimwene, musanayang'ane mtengo, yambani mwadzifunsa kuti kamera muli nayoyo mukhala nayo zaka zingati. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Kamera yatsopano iliyonse imabwera ndi mafayilo ake a RAW, zithunzi zosakonzedwa monga kamera yazijambulira, ndipo pulogalamu imawatsegula pokhapokha italandira apudeti yoidziwa kamerayo. Mukagula kamodzi, monga DxO PhotoLab kapena Capture One ya layisensi yosatha, pulogalamuyo ndi yanu ndithu, koma maapudeti ake amafika posiya ikatuluka ina yatsopano. Zida zatsopano mumachita kugulanso. Chitsanzo ndi Lightroom 6, yomwe inali yomaliza kugulitsidwa kamodzi. Apudeti yake yomaliza inatuluka mu Disembala 2017, ndiye RAW ya kamera yotuluka pambuyo pake imangoikana. Pothawira palipo: Adobe DNG Converter ndi yaulere, imasandutsa RAW kukhala DNG, yakaleyo n'kutsegula bwinobwino. Koma kusandutsa zithunzi za ukwati wonse usiku, akwati akukuimbirani foni, si zocheza.

Yolipira mwezi ndi mwezi ilibe vuto limenelo. Makamera atsopano ndi zida zatsopano, monga Denoise yochotsa timadontho pa zithunzi za mu holo ya mdima, zimangobwera osawonjezera ndalama. Msampha wake uli kwina. Imene ambiri timati "ya pamwezi" nthawi zambiri imakhala mgwirizano wa chaka chathunthu, kungoti amaduladula malipiro ake. Mukasiya patadutsa masiku 14, Adobe, kampani ya Lightroom, imakulipiritsani theka la ndalama za miyezi yotsalayo. Tiyerekeze pulani ya Lightroom ya $11.99 pamwezi, momwe inalili mu 2025. Mwalipira miyezi 4, dzinja lafika, maukwati achepa, mwati ndisiye. Yatsala miyezi 8, pafupifupi $96, ndiye akudulani $48 ya chinthu chomwe simuchigwiritsanso ntchito. Ndipo zonsezi ndi madola. Amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikudziwa kuti bilu ya madola imatha kukula usiku umodzi, chikhalirecho mtengo wojambula ukwati uli pomwepo.

Mukasiya kulipira zithunzi sizitayika ayi. Lightroom Classic, yomwe ndi Lightroom yosunga zithunzi pa kompyuta yanu, imatsegulabe, mu gawo la Library mumaona zonse n'kutulutsa zomwe munakonza kale. Chimatsekedwa ndi gawo la Develop, komwe kuli ntchito yeniyeni yokonza zithunzi.

Za kilaudi ndiye musatengeke nazo kwambiri. Pulani ija ili ndi 1TB, zomveka zambiri. Koma werengani: ukwati umodzi wa zithunzi 1,500, chilichonse 30MB, ndi 45GB. Malowo adzadza ndi maukwati 22 okha, ndipo ukwati uliwonse mukufunika bandulo ya 45GB yongokwezera. Ine sindichita zimenezo. RAW zanga zimakhala pa mahadi diraivi awiri, wina kunyumba wina kwa mlongo wanga. Chimene chimandithandiza pa kilaudi ndi Smart Previews. Mukalumikiza Collection, gulu la zithunzi zomwe mwaziika pamodzi, kuchokera mu Lightroom Classic, imakweza timakope tating'ono ta mapikiselo 2,560 mbali yaitali, ndipo timeneti sitidya malo anu a 1TB aja. Ndimasankha zithunzi pa foni ndili m'minibasi, n'kutumiza linki kwa akwati kuti aloze zoika mu alubamu. Kungoti timakopeto si posungira zithunzi. Laputopu ikabedwa mulibe hadi diraivi ina, RAW zapita basi. Mapulogalamu ogula kamodzi ambiri alibe zimenezi, kapena amazigulitsa padera.

Komanso ya pamweziyi sifuna intaneti tsiku lililonse. Lightroom Classic imagwira ntchito pa kompyuta pomwepo, imangofuna kulumikizidwa mwa apo ndi apo kuti itsimikize kuti mwalipira.

Ndikanakhala inu, poti mwangoyamba kumene, sindikanasaina za chaka. Ikani darktable, ndi yaulere, imatsegula RAW ndipo imalandira maapudeti, ngakhale kuti masabata oyamba imazunguza mutu. Yosalazira nkhope ndi kuchotsa alendo olowerera pa chithunzi tengani Affinity, yomwe kale inkagulidwa kamodzi koma Canva inaipanga yaulere mu Okutobala 2025. Maukwati akayamba kubwera awiri atatu pamwezi, pamenepo lowani Lightroom, ndalama yake muziiphatikiza pa mtengo womwe mumauza akwati. Ngati kamera yanu simuisintha zaka zinayi zisanu zikubwerazi, yogula kamodzi ikukwanirani, koma tsitsani kaye yoyesera yaulere, mutsegule RAW ya kamera yanuyo musanatulutse khobidi.