Imelo yofunsira laisensi imene yachedwa kutuluka

"Abale anga, ndinapereka mapepala okonzetsanso laisensi ya bizinesi yanga milungu isanu yapitayo, ndalama ndinalipira, koma mpaka lero palibe chimene ndamva. Ndikufuna kulemba imelo ku ofesiyo kuti ndidziwe pamene zafika. Ndilembe bwanji kuti andiyankhe?"

Amayi, musanalembe chilichonse yambani mwatulutsa risiti yanu ya ku banki muone dzina ndi nambala zimene zinalembedwapo, chifukwa ine ndinagwera pomwepo, ndipo malo anga odyera ku Kamwala mu Lusaka anakhala otseka masiku 9 pa mlandu umene ukanatha m'mphindi khumi. Laisensi yanga inkatha pa 31 Disembala 2023, choncho ndinapereka mapepala mwamsanga, ndipo pa 21 Novembala ndinatuma mwana wa achimwene anga kuti akalipire ku banki popeza ine sindikanachoka pa mapoto masana. Mwanayo sanalakwe mwadala. Pa mzere umene amafunsa kuti ndalamazo ndi za chiyani, iye analemba dzina langa monga lilili pa reji, osati nambala ya pempho langa kapena dzina la bizinesi limene ndinalembetsa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi. Ndalama zinalowa ndithu, koma zinangokhala ngati zopanda mwini, pamene pempho langa linkaonekabe ngati la munthu amene sanalipire. Pa kompyuta pankangolembedwa `Pending`, ndipo mawu amenewo sakuuzani ngati akudikira ndalama, akudikira oyendera, kapena akudikira siginecha ya bwana.

Maimelo ndinalemba atatu, ndipo lero ndikawawerenga ndimaona chifukwa chake palibe amene anawayankha. Yoyamba inali moni wautali ndi funso lakuti laisensi yanga ituluka liti, popanda nambala ngakhale imodzi. Yachiwiri ndi yachitatu ndinazilemba ngati zatsopano, iliyonse ndi mutu wakewake, moti munthu woziwerenga sakanadziwa kuti zonsezo ndi nkhani imodzi. Ku ofesiko ndinapitanso kawiri mu Disembala, ndipo bambo amene anali pa windo, osayang'ana n'komwe pepala limene ndinamutambasulira, anangoti zonse zili bwino, ndibwere sabata yamawa. Ofesiyo sindiitchula, koma bambo ameneyo sindidzamuiwala.

Lachiwiri pa 16 Januwale 2024, nthawi imene kolera inali itavuta kwambiri mu Lusaka, odwala akugonekedwa ku bwalo la Heroes ndipo masukulu asanatsegulidwe, oyendera anafika pamalo panga cha m'ma 12 koloko masana. Nsima inali itangophulidwa, nkhuku zisanu ndi ziwiri zili m'mpoto, nyama ya sabata yonse ili mufiriji, ndipo amuna anayi a m'mashopu oyandikana nafe anali atasamba kale m'manja akudikira mbale zawo. Oyenderawo anaona khitchini, anaona madzi ndi sopo pakhomo, sanapeze cholakwika, kenako mmodzi analoza chimango cha pakhoma nati laisensi iyi inatha. Ndinatulutsa foni manja akunjenjemera n'kuwaonetsa maimelo anga atatu aja, ndipo mayi amene ankatsogolera gululo anawerenga mofatsa n'kundiuza kuti m'menemo mulibe nambala ya pempho, mulibe risiti, mulibenso yankho la ofesi, choncho iye alibe chogwira chosonyeza kuti ndinachitapo kanthu. Ndinakumba m'chikwama mpaka ndinapeza risiti ya ku banki ija, koma inali ya mapepala opyapyala aja amene inki yake imazimirira, ndipo itakhala miyezi iwiri pafupi ndi moto manambala ake ankaoneka mwa apo ndi apo. Anandilembera chikalata chotsekera, makasitomala anatuluka mmodzimmodzi osandiyang'ana kumaso, ndipo mtsikana wanga wotsuka mbale, amene ali ndi ana awiri ku Kanyama, anandifunsa motsitsa mawu ngati abwere mawa. Ndinalibe chomuyankha. Nkhuku zija tinagawana ndi antchito, nsima ina tinapatsa anyamata onyamula katundu, ndipo ine ndinakhala pa benchi kuseri ndikulira ngati pamaliro.

Oyenderawo sindiwaimba mlandu, chifukwa anthu ankamwalira ndipo iwo ankagwira ntchito yawo. Amene amandiwawa mumtima mpaka lero ndi bambo wa pa windo uja. Akanangolemba dzina la bizinesi yanga pa kompyuta yake tsiku loyamba lija, akanaona kuti pempholo lilibe malipiro, n'kunditumiza kwa owerengera ndalama, nkhani n'kutha Khirisimasi isanafike. M'malo mwake, nditabwerera kachitatu malo anga ali otseka, anandiuza kuti mafayilo ndi ambiri koma pali njira yofulumizira ngati ndingamuganizireko ya dilinki. Munthu wolandira malipiro ochokera ku misonkho yathu, akuona mayi maso ali ofiira, n'kumaganiza za dilinki! Ndinakana, ndipo ndinakhala pa mpando wa pakhonde kuyambira 8 koloko mpaka masana, kufikira pamene mtsikana wina wa ku chigawo cha ndalama anandifunsa chimene ndikudikira. Iye anangofunsa tsiku lolipira, banki yake ndi kuchuluka kwa ndalama, anapeza malipirowo ali m'dzina langa, n'kuwalumikiza ku pempho langa ine ndili chiimire. Zotsalazo zinatenga masiku angapo, ndipo ndinatsegulanso pa 25 Januwale, makasitomala ena atazolowera kale kudya kwina.

Tsono imelo yanu ikhale yoti munthu amene sakukudziwani athe kupeza fayilo yanu popanda kukufunsani kanthu. Ilembeni m'Chingerezi, popeza ndicho chinenero cha m'maofesi a boma, ndipo mutu wake unyamule zonse zofufuzira, mwachitsanzo motere:

```
Licence renewal status: DZINA LA BIZINESI, Application No. 0000, paid 21/11/2023
```

M'kati mwake musafotokoze mavuto anu monga ndinkachitira ine. Lembani dzina la bizinesi ndendende monga lilili pa chiphaso cha PACRA, osati dzina la pa chikwangwani ngati awiriwo akusiyana, nambala ya laisensi yakale ndi tsiku limene ikutha, nambala ya pempho, TPIN yanu, nambala ya msonkho ija ya manambala 10, kenako tsiku lolipira, njira imene munalipirira, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya risiti. Ngati anakulipirirani munthu wina kapena ndalama zinachoka pa foni ya wina, nenani zimenezo poyera ndipo lembani dzina limene likuoneka pa risitiyo, chifukwa owerengera ndalama amafufuza pogwiritsa ntchito zimene banki inawatumizira, osati zimene inu mukudziwa mumtima mwanu. Risitiyo muijambule lero lomwe isanazimirire, muiphatikize ndi laisensi yakale ndi pepala lolandirira pempho kukhala fayilo imodzi ya PDF yosalemera, popeza zithunzi zambiri zikuluzikulu nthawi zina zimabwezedwa kapena sizitsegulidwa n'komwe.

Funso lakuti laisensi ituluka liti ndi losathandiza, chifukwa yankho lake limakhala lakuti ikukonzedwa, ndipo mumatsala pomwe munali. Funsani ngati malipiro anu alumikizidwa ku pempho lanu, funsani kuti fayiloyo yaima pa sitepe iti, ndiponso ngati pali pepala limene likusoweka kapena limene latha ntchito. Chomalizachi musachipeputse. Ngati ofesi yanu imafuna chiphaso cha ZRA chosonyeza kuti misonkho yanu ili bwino, chiphasocho chili ndi tsiku lake lothera, ndipo chingathe kutha fayilo yanu ili pamzere, inu osauzidwa. N'chimodzimodzinso ngati simunapereke malipoti a pachaka ku PACRA. Pomaliza pemphani kuti akuyankheni ndi mawu ochepa otsimikiza kuti pempho lanu analandira ndipo likukonzedwa. Yankho loterolo si laisensi, ndipo silingamange manja a woyendera, koma ndi chinthu chogwirika chimene ine ndinalibe tsiku lija, ndipo ndikukhulupirira kuti mayi uja akanandimvera mosiyana ndikanakhala nacho.

Adiresi yotumizako muitenge pa risiti, pa kalata ya ofesiyo kapena pa webusaiti yake, osati kwa anyamata oima pageti amene amati amadziwana ndi a m'kati. Wina akakuyankhani ndi adiresi yake ya Gmail n'kunena kuti mutumize kangachepe pa foni kuti fayilo iyende, dziwani kuti ndalama imeneyo sidzakhala ndi risiti. Pakapita masiku asanu ogwira ntchito muli chete, musayambe imelo yatsopano. Tsegulani yakale ija, dinani `Reply`, kuti masiku onse aoneke pamalo amodzi, ndipo ulendo uno muikeponso adiresi ya mkulu wa chigawocho pa `Cc`. Lembani mwaulemu ngakhale mtima ukuwira, chifukwa imelo imeneyi mwina idzawerengedwa ndi anthu ena amene mudzawafune kuti akuthandizeni, kuphatikizapo ofesi ya Public Protector, imene imalandira madandaulo a anthu amene maofesi a boma awachedwetsa popanda chifukwa.

Ndinganene kuti musataye nthawi ndi ndalama za minibasi kupita ku ofesiko mobwerezabwereza, popeza maulendo anga a mu Disembala sanabale kanthu, ndipo imelo yolembedwa bwino imasiya umboni umene mawu a pa windo sasiya. Komabe milungu isanu ndi yambiri, amayi, ndipo ngati tsiku lothera laisensi yanu layandikira, musakhale pansi kudikira yankho. Sindikizani imeloyo makope awiri pamodzi ndi risiti, pitani m'mawa ofesi isanadzaze, siyani kope imodzi kumene amalandirira makalata, ndipo inayo akudindireni chidindo chokhala ndi tsiku. Mukatero funsani kuti owerengera ndalama amakhala chitseko chiti, mukaone ndi maso anu kuti malipiro anu ali pa nambala ya pempho lanu. Kope yodindidwayo muiike m'pulasitiki, kutali ndi moto ndi madzi, ndipo muikhomere pakhoma pafupi ndi laisensi yakale kufikira yatsopano itatuluka.