Nkhani ya masamba 14, mphindi 10 zokha: masilaidi aziyenda bwanji?

"Zikomo akulu. Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Mchinji, ndipo ndikupitiriza maphunziro ndili pantchito. Aphunzitsi atipatsa aliyense nkhani ya m'jenolo kuti tikaifotokoze pa semina kwa mphindi 10. Yanga ndi ya masamba 14, yokamba za kaumitsidwe ka mtedza ndi poizoni wa chuku. Ndapanga masilaidi 27, koma poyeserera mphindi 10 zikumatha ndisanafike pa zotsatira. Ndichotse ati?"

Alangizi, musavutike ndi kuchotsa. Fayiloyo itsekeni kaye, mutenge pepala ndi cholembera, muyambirenso. Chavuta si kuchuluka kwa masilaidi kokha ayi, koma njira imene mwadzera. Mwatsata nkhaniyo monga inalembedwera, kuyambira mawu oyamba, kenako zimene ena analembapo kale, kenako njira za kafukufuku, ndipo zotsatira mwazisiya kumchira. Dongosolo limenelo analikonzera munthu wowerenga, amene akasochera amabwerera tsamba lam'mbuyo. Womvetsera alibe kobwerera. Akasochera pa mphindi yachitatu, basi mwamutaya.

Masamu akenso ngosavuta. Nkhani ya masamba 14 kawirikawiri imakhala ndi mawu pakati pa 6,000 ndi 8,000. Munthu woyankhula Chingerezi modekha, mwakuti aliyense amve, amatulutsa mawu pafupifupi 120 kapena 130 pa mphindi. Pa mphindi 10 ndi mawu ngati 1,200. Choncho pa mawu 6 alionse a m'nkhanimo, 5 atsala pakhomo. Uku si kufupikitsa, ndi kusankha.

Muyambire kumapeto. Werenganinso ndime yomaliza ya mawu oyamba, pamene olemba amanena funso lawo, kenako gawo la Results, kenako ndime yoyamba ya Discussion. Mukatero lembani chiganizo chimodzi chimene mukufuna kuti mnzanu akachinene madzulo akafunsidwa kuti a ku Mchinji aja anakamba zotani. Tiyerekeze kuti olembawo anayerekeza njira zitatu, kuumitsa padothi, pamphasa ndi pathandala, ndipo anapeza kuti mtedza wa padothi ndiwo unali ndi poizoni wambiri. Chiganizo chanu chikhala chotere: "Mtedza woumitsidwa padothi unapezeka ndi poizoni wa chuku wochuluka kuposa wa pamphasa ndi wa pathandala." Chilichonse cha m'nkhanimo chimene sichikuthandiza chiganizo chimenechi kuti chimveke kapena chikhulupirike, chisiyeni. Ndikulemba zitsanzozi m'Chichewa, koma ngati seminayo ndi ya m'Chingerezi mudzazitembenuza nokha, mfundo yake ndi yomweyo.

Mukapeza chiganizocho, sankhani umboni wake, matebulo kapena magilafu osaposa 3. Kenako muzidzifunsa chobwerera m'mbuyo: kuti munthu amvetse gilafu iyi, ayenera kudziwiratu chiyani? Mayankho a funso limenelo ndiwo adzakhale masilaidi oyambirira. Mukachita motere mupeza masilaidi 9, ndipo nthawi yake muigawe chonchi. Yoyamba, ya mutu wa nkhani, mayina a olemba, jenolo ndi chaka, ipatseni masekondi 20. Yachiwiri, ya vuto, mphindi imodzi ndi masekondi 10. Yachitatu, ya funso la kafukufuku, masekondi 30. Yachinayi, ya njira, mphindi imodzi ndi theka. Pamenepo wotchi ikhala pa 3:30. Masilaidi 3 a zotsatira atenge mphindi 3 ndi theka onse pamodzi, ya malire a kafukufuku mphindi imodzi, yomaliza mphindi imodzi. Zonse zikwana mphindi 9. Yotsalayo si yanu, ndi ya pulojekita yozengereza ndi lilime lopunthwa.

Nambala ija ya 3:30 ilembeni pakona ya pepala lanu. Ngati wotchi yafika pamenepo musanaonetse zotsatira zoyamba, mwachedwa kale, ndipo chimene chidzadulidwe ndi chofunika kwambiri.

Tsopano mitu ya masilaidi, pamene kuyenda bwino kwa nkhani kwagona. Ambiri amalemba mutu wakuti Introduction kapena Results, ndipo mutu wotere suuza munthu kanthu. Silaidi iliyonse ikhale ndi mutu wa chiganizo chathunthu, chosaposa mizere iwiri, chonena mfundo ya silaidiyo, ndipo pansi pake pakhale umboni wooneka ndi maso. Yachiwiri inganene kuti, "Poizoni wa chuku amawononga chiwindi komanso amatsekera mtedza misika yakunja." Pansi pake muikepo chithunzi cha mtedza wachuku ndi nambala imodzi yokha: msika wa mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya sulola afulatokisini yense, yemwe ndi poizoni wa chuku uja, woposa 4 ppb, kutanthauza magawo 4 pa biliyoni, mu mtedza wodyedwa mwachindunji. Yachitatu inene kuti, "Funso: kodi malo oumitsirapo mtedza amasintha kuchuluka kwa poizoniyu?" Yachinayi inene kuti, "Njira 3 zoumitsira zinayerekezedwa pa mtedza wa mtundu umodzi," ngati ndi mmene zinaliri.

Kuyesa kwake nkosavuta. Lembani mitu 9 ija pa pepala limodzi, muiwerenge motsatizana mokweza, osaonjezera kanthu. Ikamveka ngati kankhani kokhala ndi mutu ndi mchira, dongosolo lili bwino. Pamene mwadodoma, kapena pamene mwafunika kunena kuti "komanso china", pamenepo pali silaidi yosochera kapena yosoweka. Pakati pa silaidi ndi inzake konzeranitu chiganizo cholumikiza, chimene muzichinena musanadine batani. Pochoka pa yachinayi munganene kuti, "Taona mmene anaumitsira, nanga mtedza uti unatuluka ndi poizoni wambiri?" Mukatero anthu amayembekezera yankho, ndipo silaidi ikamabwera imawapeza ali tcheru.

Silaidi ya njira imadya nthawi ya anthu ambiri, chifukwa amafuna kuonetsa kuti anawerenga zonse. Ingonenani kumene kafukufuku anachitikira, nyengo yake, njira zimene zinayerekezedwa, kuchuluka kwa masampulo, ndi chimene chinayezedwa. Dzina la makina a ku labotale ndi mankhwala amene anagwiritsa ntchito zisungeni za nthawi ya mafunso.

Pa zotsatira ndipo pafunika kukhalitsa. Musajambule tebulo la m'nkhanimo n'kulimata pa silaidi. Tebulo la m'jenolo limakhala ndi zilembo zazing'ono ndi manambala 30 kapena 40, ndipo wokhala kumbuyo kwa kalasi amangoona nyerere. Tengani manambala 3 okha a mfundo yanu, mulowe mu PowerPoint pa Insert, kenako Chart, mupange gilafu ya timizati 3, kamzati kamodzi pa njira iliyonse. Timizati tiyambire pa 0, chifukwa mukayambira pakati kusiyana kochepa kumaoneka ngati phiri. Kamzati ka padothi kakhale ndi mtundu woonekera, tinato tikhale totuwa, kuti diso ligwere pamene mukufuna. Mukajambulapo mzere wopingasa pa 4 ppb, aliyense aona yekha njira imene yadumpha malire. Pansi lembani ndi zilembo zazing'ono dzina la wolemba, chaka ndi nambala ya tebulo limene mwatengamo.

Pokoperapo pali misampha. Woyamba ndi timawu ta pansi pa tebulo. Afulatokisini sagawika mofanana: njere zochepa zoipa zingakhale ndi poizoni wambiri pamene zinzake zilibe, choncho ofufuza ambiri amasandutsa manambalawo kukhala a logi asanawawerengetse. Ngati tebulo likunena log-transformed, nambala ngati 1.0 siitanthauza 1 ppb, ndipo mukaiyerekeza ndi mzere wa 4 ppb muwanamiza anthu. Funani tebulo kapena ndime imene yapereka manambala enieni.

Wachiwiri ndi timalemba a, b, c tokhala pambali pa manambala. Manambala awiri okhala ndi chilembo chofanana ndiye kuti kusiyana kwawo sikunatsimikizike. Ngati mphasa ndi thandala zonse zili ndi b, musanene kuti thandala laposa mphasa, ngakhale kamzati kake kakhale kakafupi. Silaidi yachisanu ndi chimodzi ingakhale ya zimenezo: "Pakati pa mphasa ndi thandala panalibe kusiyana kotsimikizika." Timizere ta pamwamba pa timizati, toonetsa kumwazikana kwa manambala, natonso lembani ngati ndi SD, standard deviation, kapena SE, standard error. SE imakhala yaing'ono, ndipo aphunzitsi sakonda kuti muzisokoneze.

Wachitatu ndi mneni amene mwasankha. Ngati ofufuza anagawa okha mtedza m'njira zitatuzo, munganene kuti kuumitsa padothi kunachulukitsa poizoni. Koma ngati anangoyenda m'midzi kutola mtedza ndi kufunsa alimi mmene anaumitsira, nenani kuti "unapezeka ndi", chifukwa mlimi woumitsa pathandala mwina ndi yemwenso amakumba pa nthawi yake ndi kusankha bwino. Izi ndizo zolowa m'silaidi ya malire, pamodzi ndi funso lakuti kafukufukuyu anachitika nyengo zingati. Pamenepa inu muli ndi mwayi woposa anzanu. Mukudziwa kuti mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri wokhala ndi ekala yathunthu ya mtedza sangaukwanitse wonse pathandala limodzi. Nenani zimenezo, koma munene momveka kuti awa ndi maganizo anu, osati a olembawo.

Silaidi yomaliza isakhale ya mawu akuti zikomo. Ikhale chiganizo chija munayamba nacho, pamodzi ndi gilafu yanu yaikulu, chifukwa ndi imene imatsala pakhoma nthawi yonse ya mafunso.

Za maonekedwe ndi zachidule: mitu pa saizi 32, mawu ena asatsike pa 24, zilembo zakuda pa malo oyera, chifukwa makalasi athu ambiri alibe makatani ndipo dzuwa limafufutitsa mitundu. Zoti munene zilembeni mu Notes, osati pa silaidi. Yesererani katatu mutaimirira, mokweza, pogwiritsa ntchito Rehearse Timings ya pa Slide Show, imene imakuonetsani masekondi a silaidi iliyonse. Mukamasunga nthawizo, chotsani chizindikiro pa Use Timings, apo ayi pa tsikulo masilaidi azidzasintha okha inu muli pakati pa chiganizo.

Masilaidi anu akale aja musawataye onse. Sankhani 3 kapena 4, monga tebulo lathunthu ndi njira ya ku labotale, muwaike kuseri kwa yomaliza. Wina akafunsa, lembani nambala ya silaidiyo, mwachitsanzo 11, n'kudina Enter, ndipo ibwera pompo. Sunganinso fayiloyo pa fulashi ngati PDF, popeza kompyuta ya eni ake imatha kusokoneza zilembo, ndipo funsiranitu ngati pulojekita yawo ndi ya HDMI kapena VGA. Gilafu yaikulu ija isindikizeni pa mapepala angapo, kuti magetsi akathima muigawe m'kalasimo n'kupitiriza ndi mitu 9 ija ili m'manja.