Pepala lomwe amalume ankapinda m'pasipoti

"Achimwene, mayi anga akupita ku Germany miyezi iwiri kukaona chidzukulu. Ali ndi zaka 64 ndipo amamwa mankhwala a bipi tsiku lililonse. Amene akutithandiza za viza akuti tingogula inshulansi yotchipitsitsa poti ndi yongoonetsa ku embase. Tichite zomwezo? Nanga inshulansi imeneyi imalipira chiyani kwenikweni?" (Mlongo wanu wa ku Kasungu)

Achemwali, mawu akuti "yongoonetsa" anditengera kutali. Ndinayamba kukuyankhani usiku, ndinasiya, ndayambanso m'mawa uno mtima utatsikako.

Amalume anga a ku Kamwendo kuno ku Mchinji anasiya kulima fodya n'kuyamba yokaoda mabulangete ndi nsapato ku Joni. Anali munthu wosamala kuposa anzawo onse a m'basi. Ena ankangodalira Mulungu ndi pasipoti, koma iwo ulendo uliwonse ankagula inshulansi ya paulendo ku Lilongwe, n'kupinda pepalalo kanayi, n'kuliika m'kati mwa pasipoti. Tinkawaseka kuti akuwononga ndalama ya ndiwo.

Ulendo wina anagwa m'bafa kumalo komwe ankagona ku Johannesburg. Pakamwa panapotoka, dzanja lamanzere linalefuka. Msuweni wathu amene amagwira ntchito komweko anatsegula pasipoti, anaona pepala lija ndi chiwerengero chachikulu cha madola cholembedwa pamwamba, n'kuthamangira nawo kuchipatala cholipira. Kumeneko anafuna ndalama yoyambira, iye anakongola kwa abwana ake podziwa kuti kampani ibweza. Dokotala atafunsa ngati wodwalayo ali ndi matenda ena, msuweni ananena zoona, kuti ndi a bipi kwa zaka zambiri, ndipo anatulutsa kapepala ka mapiritsi m'thumba la jekete. Dokotala analemba zomwezo. Nambala yothandizira yomwe inali pansi pa pepala, m'tizilembo ting'onoting'ono, anaiimba tsiku lachitatu.

Yankho linabwera patatha masiku awiri, ndipo linali ndi mfundo ziwiri. Yoyamba, sitiroko ija yachokera ku matenda omwe amalume anali nawo kale asanagule inshulansi, ndipo pafomu analemba kuti alibe matenda aliwonse. Yachiwiri, kampani sinauzidwe pa nthawi yake kuti munthu wagonekedwa. Sanalipire ngakhale tambala.

Tinawasamutsira kuchipatala cha boma. Kuno tinagulitsa ng'ombe ziwiri ndi ngolo, achibale anasonkha pa gulu la WhatsApp, ngongole ya msuweni inatha patapita chaka. Amalume anabwera amoyo, dzanja lija silinabwererenso bwino. Mabulangete omwe anali ataoda kale ena anasowa kumalo ogona kuja, ndipo titafunsa za amenewo anatiuza kuti katundu wamalonda sali m'gulu la katundu wa munthu wapaulendo.

Ndinakhala nthawi yaitali ndikuuza aliyense kuti inshulansi ndi kuba kovala tayi. Tsiku lina ndinawafunsa amalume chifukwa chomwe analembera kuti sadwala. Anati sanalembe ndi iwo. Mnyamata wa pakauntala ndi amene ankadzaza fomu, ankangofunsa dzina, nambala ya pasipoti ndi masiku, mabokosi enawo n'kumachonga yekha, iwo n'kusaina pansi. Ndiponso kwa iwo bipi sinali matenda, poti sanagonepo nayo m'chipatala. "Ndimangomwa mapiritsi basi," anatero.

Lero maganizo anga ndi awa, ndipo sindikuwafewetsa: munthu wogulitsa kapena wolangiza amene akuuzani kuti funso la matenda musalilabadire akukugulitsani pepala lopanda kanthu mkati. Iye yake watenga kale. Tsiku lomwe mayi adzakhale pabedi ku Germany foni yake idzangoitana. Kampani imene imalola anthu ake kuchonga mabokosi m'malo mwa kasitomala nayonso sindiiyeretsa, koma siginecha inali ya amalume, ndipo pamilandu yotere amayang'ana siginecha.

Ndipatuke pang'ono, poti kuno kumalire timasokoneza zinthu. Anthu amene amawoloka pa Mwami ndi galimoto kupita ku Chipata amagula khadi yachikasu ya COMESA n'kumati ali ndi inshulansi ya paulendo. Ntchito yaikulu ya khadi imeneyo ndi kulipira anthu ena amene galimoto yanu yawavulaza kapena kuwaonongera katundu kunjako. Mukadwala malungo ku Lusaka musaitulutse. Palinso kabuku kachikasu ka katemera, nakonso si inshulansi. Ndipo amene ali pa sikimu ya chipatala ya kuntchito afunse ngati imagwira kunja kwa Malawi, asangoganiza.

Pa nkhani ya embase, wokulangizaniyo wanena zoona theka. Viza ya Schengen, yomwe mayi akufunika kuti alowe Germany, imafuna inshulansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, yogwira m'mayiko onse a ku Ulaya omwe amalandira viza imeneyi, masiku onse omwe munthu akakhaleko. Iyenera kulipira chithandizo chadzidzidzi, kugonekedwa m'chipatala, kubweza wodwala kwawo, ndi kubweza thupi ngati wamwalira. Yotchipitsitsa ija mwina ikukwaniritsa zonsezi, viza n'kutuluka bwinobwino. Koma wa ku embase amaona chiwerengero, masiku ndi mayiko. Safufuza ngati bipi ya mayi anu ili mkati. Zimenezo zimadzaoneka pokhapokha munthu akadwala.

Mwa zinthu zinayi zija, ziwiri zomalizazo ndi zomwe ine ndimagulira inshulansi. Chikwama chikasowa mumadandaula mwezi umodzi. Koma wodwala amene sangakhale pampando wamba wa ndege, wofunika machira ndi namwino womuperekeza kuchokera ku Ulaya mpaka ku Lilongwe, ndalama yake banja wamba silingasonkhe. Za kubweretsa maliro ife a kuno tikuzidziwa, taona mabanja akudikira masabata thupi lili ku Joni, zopereka zikuyenda pang'onopang'ono.

Zomwe nthawi zambiri salipira

Matenda akale ndiye oyamba, ndipo kwa iwo matenda akale ndi chilichonse chomwe munthu anapezeka nacho, akumwera mankhwala, kapena akudikira zotsatira zake pa tsiku logula. Bipi, shuga, mphumu, mtima, zonsezi zimalowa. Choopsa n'chakuti samangokana matendawo okha, amakananso zobadwa kuchokera ku matendawo, monga sitiroko kwa munthu wa bipi kapena bala losapola kwa wa shuga. Mayi atathyoka mwendo poterereka pa masitepe, imeneyo ndi ngozi yatsopano, ndipo yotchipa yomwe imayenera kulipira. Koma ngati fomu inanama, mwawapatsa poyambira kukangana nanu ngakhale pa mwendo womwewo.

Salipira ulendo wopita kukalandira chithandizo. Ngati mumtima muli maganizo oti mayi akapezerepo mwayi wopimitsa maso kapena bondo lomwe lakhala likuwavuta, zimenezo mwana wawo wa ku Germany akonze ndalama payekha. Mapiritsi a tsiku ndi tsiku akatha, kugula ena n'kwanu. Ngozi yochitika munthu ataledzera amaikana, chimodzimodzi ya panjinga yamoto wopanda chipewa, zomwe anyamata opita ku Dar es Salaam okwera bodaboda ayenera kuzimva. Katundu wolandidwa ndi a kasitomu salipiranso, ndiye mayi asalongedze nyama yofutsa kapena chambiko, chifukwa nyama ndi zamkaka zochokera kunja siziloledwa kulowa nazo m'mayiko a European Union.

Palinso kandalama kotchedwa ekisesi, komwe mumayamba mwalipira nokha pa dandaulo lililonse. Tiyerekeze kuti ekisesi ndi mayuro 100. Mayi akadwala chifuwa, dokotala ndi mankhwala n'kukwana mayuro 140, kampani ibweza 40 yokha. Akagonekedwa bilu n'kufika 6,000, kampani ilipira 5,900. Apa ndi pomwe yotchipa imabisala nthawi zambiri, mtengo wotsika koma ekisesi yokwera. Ine ekisesi yokwera sindiiopa kwenikweni, bola matenda a munthuyo alembedwe kuti ali mkati.

Za zikwama ndingodutsa. Chikapanda kutuluka pa lamba wa pabwalo la ndege, mayi asachoke asanadzazitse fomu yotchedwa PIR pa ofesi ya katundu wosowa, ndipo asunge kachomata ka nambala ya chikwama. Woyamba kuyankha ndi kampani ya ndege, yomwe imachitenga kuti chatayika pakatha masiku 21, inshulansi imabwera pambuyo. Akaberedwa, pamafunika lipoti la apolisi a komweko, kawirikawiri la mkati mwa maola 24. Ndalama za m'manja amabweza pang'ono kwambiri kapena osabweza n'komwe.

Tsono chochita ndi ichi. Tengani buku la kuchipatala la mayi, mulembe dzina la matenda, mayina a mankhwala ndi chaka chomwe anayamba kumwa. Tumizani zimenezi pa imelo kwa makampani awiri kapena atatu, ndi funso limodzi: mayi akagwidwa ndi sitiroko kapena vuto la mtima ali ku Germany, mulipira, ndipo mpaka ndalama zingati? Ena akweza mtengo n'kuvomera, ena avomera zadzidzidzi zokha mpaka malire ena otsika, ena akana. Yankho lililonse likhale lolemba, la pakamwa lilibe ntchito. Funsani ngati embase imalandira pepala lawo, ngati amabweza ndalama viza ikakanidwa, komanso za msinkhu, poti ambiri amasintha mtengo kapena malire munthu akafika zaka 65 kapena 70, ndipo mayi atsala pang'ono. Mwana wawo wa ku Germany afunsenso komweko, kuli inshulansi zogulira alendo obwera kudzacheza, koma funso la bipi likhale lomwelo. Mukagula kuno, onetsetsani kuti kampaniyo ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, komwenso mungakadandaule mukasemphana.

Masiku muwonjezereko angapo kupitirira tsiku lobwerera, ndege zimasintha. Fomu mudzaze nokha. Mapiritsi a miyezi iwiri yonse ndi ena apadera akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala. Kukachitika zoopsa ayambe aimba 112, nambala ya ambulansi ku Ulaya, kenako tsiku lomwelo aimbe nambala yothandizira ya kampani, yomwe imayankha usana ndi usiku, kuti iwo alankhule ndi chipatala za malipiro. Nambala imeneyo pamodzi ndi nambala ya mgwirizano wa inshulansi muzilembe ndi zilembo zazikulu pa pepala lina, ndipo mutumizire mwana wawoyo mayi asanakwere ndege, chifukwa woimba adzakhala iyeyo, ngati mmene analili msuweni wathu uja.